PDF ikuchedwa kutseguka kapena ikungojama: yang'anani fayiloyo musanatukwane foni

Nkhani iyi ikumabwerabwera pakati pathu kuno ku Joni, wina akufuna kutumiza CV ndi mapepala kwa abwana, wina lizi ya chipinda, wina mndandanda wa mamembala a bungwe la maliro, ndiye dandaulo ndi lomwelomwelo, “PDF ija sikutseguka, ikungozungulira.” Ambiri amafikira kunena kuti foni yatha kapena netiweki ndi yoipa, koma nthawi zambiri wolakwa ndi fayiloyo, ndipo mwa mafayilo olakwawo ochuluka ndi aja opangidwa ndi zithunzi zojambula pa foni. Ndalemba motsata zomwe mukuona pa sikirini, pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri kutsikira ku chosowa.

## Musanachite chilichonse

Zitatu izi sizitenga mphindi zisanu, ndipo zikuuzani kuti mupite gawo liti.

- Tsegulani PDF ina yomwe mukudziwa kuti imatseguka bwinobwino. Nayonso ikachedwa ndiye kuti vuto ndi foni kapena kompyuta yanu, dumphani mpaka gawo la PDF zonse.
- Onani kukula kwa fayilo ndi kuchuluka kwa masamba, kenako gawani kukulako ndi masambawo. Pa Windows dinani kumanja pa fayilo musankhe `Properties`, pa foni imaoneka mu pulogalamu ya mafayilo kapenanso pa WhatsApp pomwepo pansi pa dzina.
- Koperani fayiloyo pambali, muzikonza kopeyo. Yoyamba ija musayigwire.

Pa kugawa paja: masamba a zolemba zokhazokha ochokera mu Word amangodya ma KB ochepa tsamba limodzi, masamba osikana bwino amakhala pakati pa 100 ndi 500 KB, ndiye mukapeza kuti tsamba lililonse likupitirira 1 MB dziwani kuti muli zithunzi zolemera. Awa si malamulo a munthu, ndi muyeso wongokuthandizani kuganiza.

## Imatseguka koma mochedwa, tsamba lililonse limayamba loyera kenako n'kumaoneka pang'onopang'ono

### 1. Masambawo ndi zithunzi zazikulu kwambiri

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mukajambula pepala pa foni n'kulisandutsa PDF, mkatimo simukhala zilembo ayi, mumakhala chithunzi chathunthu monga kamera inachijambulira. Mutha kuyesa nokha, gwirani liwu limodzi ngati mukufuna kulikopera, likakana kusankhika ndiye kuti tsambalo ndi chithunzi.

Chithunzi mu fayilo chimakhala chopanikizidwa, ngati mabulangeti aja timapanikiza m'chikwama potumiza kumudzi, chikwama chimaoneka chaching'ono koma mukamasula bulangeti limadzaza bedi lonse. Foni siingakuonetseni tsamba isanamasule chithunzicho mu memole. Kamera ya 12 megapikiseli imajambula timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, kadontho kalikonse kamitundu kamadya mabayiti atatu, ndiye chithunzi chomwe mu fayilo ndi 4 MB chimafika 36 MB chikamasulidwa. Mukayatsa zija za 50 megapikiseli tsamba limodzi lokha ndi 150 MB. Foni ya memole ya 2 GB yomwe ikuyendetsanso WhatsApp ndi Facebook kumbuyo iyenera kufooka basi.

Sikana ya pa kafe nayo ili ndi zake. Pepala la A4 losikana pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, limatuluka timadontho 2480 ndi 3508, pafupifupi 26 MB mu memole likakhala lamitundu. Pa 600 dpi sikuti zimangowirikiza kawiri, zimawirikiza kanayi chifukwa zakula m'litali ndi m'lifupi momwe, ndiye tsamba limodzi limapitirira 100 MB. Anyamata ena a pa kafe amasiya makina pa 600 poganiza kuti akukuchitirani zabwino, pomwe kalata wamba pa 200 dpi imawerengeka bwinobwino.

Titenge nkhani ya achemwali ena a ku Rosettenville amene akufunsira ntchito ya m'nyumba kudzera ku ejenti. Ajambula masamba 14 pa foni, pasipoti, pemiti, CV, makalata a mabwana akale ndi ma setifiketi, apu yawaphatikizira kukhala PDF imodzi ya 56 MB. Gawani, tsamba lililonse 4 MB. Pa WhatsApp yadutsa popeza kumeneko fayilo yotumizidwa ngati dokyumenti imaloledwa mpaka 2 GB ndipo saichepetsa, koma Gmail yakana kuimata pa imelo chifukwa malire ake ndi 25 MB, yangoika linki, ndipo wa ku ejenti potsegula pa foni yake akungoona tsamba loyamba, ena onse oyera. Foni ikati imasule masamba onse 14 pamafunika memole yoposa 500 MB, n'chifukwa chake imamasula awiri atatu, mukatsika pansi imataya am'mwamba, mukabwerera imayambiranso. Kujamajama kuja ndi kumeneko.

Chochita, kuyambira chabwino koposa:

- Ngati mapepala enieniwo muli nawo, jambulaninso ndi sikana ya pa foni osati kamera wamba. Mu Google Drive muli `Scan`, pa iPhone mu Notes muli `Scan Documents`. Izi zimadula m'mbali, tebulo ndi nsalu ya pabedi sizilowa nawo, ndipo mutha kusankha kuti tsamba likhale lotuwa m'malo mwa mitundu. Lotuwa limadya gawo limodzi mwa magawo atatu a memole ya lamitundu.
- Pa kafe auzeni mosapita m'mbali, “achimwene, 200 dpi, yotuwa.” Pasipoti, pemiti ndi mapepala aja odindidwa ku polisi okha ndiwo muwasiye amitundu, pa 200 kapena 300, kuti chidindo ndi nkhope zioneke.
- Ngati zithunzi munaziika mu Word, dziwani kuti kukoka ngodya kuti chithunzi chichepe sikuchepetsa kulemera kwake, ngakhale kudula m'mbali Word imasungabe zodulidwazo. Dinani chithunzi, pitani pa `Compress Pictures`, chongani `Delete cropped areas of pictures`, ndipo posunga ngati PDF sankhani `Minimum size`.
- Ngati mwangolandira ndipo mapepala mulibe, ichepetseni. Acrobat yolipira ili ndi `Reduce File Size`, yaulere ija yongowerengera ilibe. Pa Mac, Preview ili nayo pa `Export` pansi pa `Quartz Filter`, koma imakonda kupyola muyeso mpaka zilembo kufufutika.

Amene ali ndi laputopu ndipo saopa kulemba malamulo, pulogalamu ya Ghostscript ndi yaulere ndipo fayilo siichoka pa makina anu:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=yopepuka.pdf yolemera.pdf
```

Pa Windows m'malo mwa `gs` mumalemba `gswin64c`. Mawu akuti `/ebook` amatsitsa zithunzi kufika 150 dpi, `/printer` ndi 300, `/screen` ndi 72 ndipo iyi musayiyese pa mapepala a boma, manambala a pasipoti amasanduka phala. Fayilo ngati ya achemwali aja pa `/ebook` imatsika kufika cha m'ma 3 kapena 4 MB. Mukatero tsegulani tsamba lomwe lili ndi tizilembo tating'ono kwambiri, likulitseni, muone ngati nambala ya pemiti ndi deti la pa chidindo zikuwerengeka. Zikapanda kuwerengeka bwererani ku yoyamba ija, osati kukonza yowonongekayo.

### 2. Mwachepetsa koma sinachepe

Izi zimazunguza anthu. Mwayendetsa lamulo lija, fayilo inali 56 MB yatuluka 55. Kawirikawiri chifukwa chake ndi chakuti apu yomwe inapanga PDF ija sinaike chithunzi pa A4, inapanga tsamba lalikulu lolingana ndi chithunzicho. Mu Acrobat dinani `Ctrl+D` muone `Page Size`. A4 ndi mainchesi 8.27 ndi 11.69, ndiye mukaona zonga 41.67 ndi 55.56 dziwani kuti tsamba lanu ndi lotalika kuposa mita. Pa tsamba lalikulu choncho chithunzi chija chimawerengedwa kuti chili pa 72 dpi, pulogalamu yochepetsa imaona ngati n'chopepuka kale n'kuchisiya. Muyambe mwalikakamiza kulowa pa A4:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -sPAPERSIZE=a4 -dFIXEDMEDIA -dPDFFitPage -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=yopepuka.pdf yolemera.pdf
```

Opanda Ghostscript, pa Windows tsegulani mu Chrome, `Ctrl+P`, sankhani `Microsoft Print to PDF`, pepala la A4 ndi `Fit to printable area`, kenako muchepetse yotulukayo.

### 3. Masamba ndi ambiri basi

Buku la sukulu losikana la masamba 600, kaya la nyimbo za kutchalitchi, lidzalemera ngakhale tsamba lililonse lili bwino. Lidulenidule. Mu Chrome pa `Ctrl+P` lembani `1-50` pa `Pages` n'kusunga ngati PDF, kapena ndi pulogalamu ya qpdf yomwe imadula osakhudza zithunzi:

```
qpdf buku.pdf --pages . 1-50 -- gawo1.pdf
```

### 4. Fayilo yakhala ikukonzedwa n'kusungidwa kambirimbiri

Mapulogalamu ambiri mukadina `Save` samalembanso fayilo yonse, amangomata zosintha kumapeto, zakale zija zili momwemo. Fomu ya bungwe yomwe mlembi wakhala akuisintha mwezi ndi mwezi imanenepa chonchi. `Save As` ndi dzina latsopano nthawi zambiri imataya zinyalalazo. Izi sizichitikachitika, ndipo kusiyana kwake sikukhala kwakukulu ngati kwa zithunzi.

## Ikungozungulira, tsamba loyamba lomwe silikubwera

Apa kawirikawiri fayiloyo sinafike n'komwe m'manja mwanu.

Sinathe kutsika. Ichi ndiye choyamba kukayikira, makamaka bandulo ikathera pakati kapena magetsi akazima rauta n'kufa. PDF ili ndi khalidwe lake, mndandanda wosonyeza pomwe tsamba lililonse lili umakhala kumapeto kwa fayilo, ndiye pulogalamu imayamba kuwerenga kumchira. Fayilo ikatsika 90 peresenti si kuti muwerenga 90 peresenti ya masamba, mwina simuwerenga ngakhale limodzi. Funsani wotumizayo kuti kwa iye ikulemera bwanji, yerekezani ndi yanu. Zikasiyana fufutani mutsitsenso pa netiweki yokhazikika. Dzina likathera ndi `.crdownload` kapena `.part` ndiye kuti bulawuza sinamalize, kusintha dzinalo sikuthandiza kanthu.

Mukuitsegulira pa intaneti pomwepo. Mukadina linki bulawuza imafuna itsitse fayilo yonse isanakuonetseni kanthu, pokhapokha ngati fayiloyo inakonzedwa kuti tsamba loyamba lizikhala kumayambiriro. Mu Acrobat pa `Ctrl+D` pali mzere wakuti `Fast Web View`, umanena `Yes` kapena `No`. Inu wowerenga, ingodinani kutsitsa, dikirani ithe, mutsegule ya pa foni. Ngati ndinu amene mumaika mafayilo pa webusayiti ya mpingo kapena ya bizinesi, iyi ndi ntchito yanu:

```
qpdf --linearize yakale.pdf yatsopano.pdf
```

Izi sizichepetsa kukula, zimangosanja zamkati, ndiye fayilo ya 56 MB idzadyabe bandulo ya anthu.

Ili mu mtambo osati pa makina. Pa laputopu za kuntchito fayilo imaoneka mu foda koma pambali pake pali kachizindikiro ka mtambo, kutanthauza kuti ili pa OneDrive ndipo itsika pomwe mwadinapo. Dinani kumanja musankhe `Always keep on this device`.

Mukuitsegulira pa fulashi. Fulashi zotchipa zija za m'misewu ya m'tauni zimawerenga mochedwa ndipo zina zimanama kukula kwake, zimalandira mafayilo koma osawasunga bwino. Koperani pa kompyuta kaye. Kukoperako kukaima pakati, vuto ndi fulashi.

## Fayilo ndi yaing'ono koma imajama pa tsamba limodzi lomwelo

Iyi ndi yosiyana ndi zonse zam'mwambazi ndipo kuchepetsa zithunzi sikuithandiza. Fayilo ndi 2 MB yokha, masamba ena akuyenda bwino, mukafika pa tsamba 7 foni yauma.

### 1. Tsambalo ndi pulani kapena mapu

Abale omanga, a mapaipi ndi a magetsi amene mumalandira mapulani a nyumba pa WhatsApp kuchokera kwa foromani, iyi ndi yanu. Pulani yochokera mu pulogalamu ya akatswiri ojambula nyumba siikhala chithunzi, imakhala malangizo, jambula mzere kuchoka apa kufika apo, ndipo malo osonyeza njerwa, matailosi kapena udzu amatha kukhala timizere tambirimbiri tosawerengeka. Malangizo salemera mu fayilo koma foni iyenera kujambula kamzere kalikonse, ndipo mukangokulitsa kapena kusuntha imayambiranso. Mudzaizindikira chifukwa tsamba limabwera mzere ndi mzere ngati munthu akujambula, ndipo kaya mukulitse bwanji mizere imakhalabe yakuthwa.

Mankhwala ake ndi otsutsana ndi aja oyamba, pano tikufuna tsambalo lisanduke chithunzi. Pa kompyuta yamphamvu yokhala ndi pulogalamu ya pdftoppm:

```
pdftoppm -r 150 -f 7 -l 7 -png pulani.pdf tsamba
```

Lamuloli likutenga tsamba 7 lokha pa 150 dpi. Samalani ndi kukula kwa pepala, pulani ya A1 ndi yaikulu ngati ma A4 asanu ndi atatu, ndiye pa 300 dpi mupanga chilombo china choposa 200 MB mu memole. Chithunzicho ndi choonera pa foni muli pa sayiti, miyeso muzitenga pa manambala olembedwa kapena pa pepala lopulintidwa bwino. Njira yachidule kuposa zonsezi ndi kupempha amene anajambulayo akutumizireni yopepuka, kwa iye ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

### 2. Mapositala ndi timapepala ta malonda

Zopangidwa ndi mithunzi, mitundu yoonekera mkati ndi zithunzi zosanjikizana zimafuna kuti foni iwerengetsere kadontho kalikonse kangapo. Positala ya tsamba limodzi ya msonkhano kapena ya mabasi opita ku Lilongwe ndi Blantyre, bwanji osangoitumiza ngati chithunzi? PDF isiyireni wopulinta.

### 3. Tsambalo lawonongeka

Yesani mu pulogalamu ina, Chrome, Firefox ndi Acrobat zimawerenga PDF mosiyana ndipo ina imakhululuka pomwe inzake yakana. Ikatseguka kwinako, sungani masamba abwinowo kudzera pa `Save as PDF`.

## Ikunena kuti fayilo yawonongeka, kapena ikuonetsa uthenga wakuti dikirani

Uthenga woyamba ndi `Please wait...` n'kupitiriza kuti ngati uthengawu susintha ndiye kuti pulogalamu yanu siingathe kuonetsa fayilo ya mtundu umenewu, umanamiza anthu ambiri. Munthu amadikiradi, theka la ola, kuganiza kuti ikutseguka. Siidzatseguka. Limenelo ndi tsamba lenileni lomwe linaikidwamo dala, fomu yeniyeniyo ndi ya mtundu wa XFA womwe Chrome ndi mapulogalamu a pa foni satha kuwerenga. Mafomu ena a viza, monga ena a dziko la Canada, ali choncho. Itsitseni, muitsegule ndi Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta, osati ya pa foni. Musaichepetse kapena kuipulinta ngati PDF, mudzangotsala ndi tsamba la uthenga lija.

Ikanena kuti yawonongeka, yambani ndi zija za kutsika kosatha. Kenako onani ngati ndi PDF n'komwe. Tsegulani kope lake mu Notepad, zambiri zidzaoneka zopanda mutu koma kumayambiriro kuyenera kukhala `%PDF-` ndipo kumapeto `%%EOF`. Mukapeza `<html` ndiye kuti munatsitsa tsamba la webusayiti, mwina lofunsa pasiwedi, lomwe langovala dzina la PDF. Kumayambiriro kukakhala bwino koma kumapeto kulibe, inaduka. Fayilo ikakhala yaikulu kwambiri Notepad nayo ijama, ndiye gwiritsani izi:

```
qpdf --check fayilo.pdf
qpdf fayilo.pdf yokonzedwa.pdf
```

Loyamba likuuzani chomwe chalakwika, lachiwiri limayesa kumanganso mndandanda uja. Limatha kupulumutsa fayilo yomwe mndandanda wake wasokonekera, koma zomwe sizinatsike silingazilenge.

Ikafunsa pasiwedi sinawonongeke, masitetimenti a banki ndi mapepala a malipiro ambiri amabwera okiya, ndipo mapulogalamu ena a pa foni m'malo mofunsa amangoonetsa tsamba loyera. Werengani imelo yomwe inabwera nayo, amafotokoza kuti pasiwedi yake ndi chiyani.

## Pa sikirini ili bwino, pa pulinta ndiye ikuima

Wa pa kafe akuti pulinta yajama pa fayilo yanu, mzere uli kumbuyo kwanu. Pulinta ili ndi memole yakeyake yochepa, ndipo mapulani, mapositala ndi zilembo zachilendo zimaitopetsa. Mu Acrobat pa windo lopulintira dinani `Advanced` muchonge `Print As Image`, kompyuta imagwira ntchito yonse n'kutumiza chithunzi chokhachokha. Zikakanikabe tumizani masamba asanuasanu, ndipo ayambe afufuta ntchito zomwe zaunjikana pa mzere wa pulinta, apo ayi yanuyo ingoima kumbuyo kwa inzake yakufa.

## PDF zonse zikuchedwa, ngakhale zazing'ono

Fayilo ilibe mlandu apa, ndiye ndingodutsamo.

- Sitoreji ya foni yadzaza. Mavidiyo a m'magulu a WhatsApp ndiwo amayamba kudzaza, chotsani mpaka patsale malo oposa 1 GB.
- Memole yatha, tsekani ma apu ena ndi matabu a bulawuza. Pa Windows `Ctrl+Shift+Esc` ikuonetsani chomwe chikudya.
- Pulogalamu yowerengera ndi yolemera kapena ndi ija yodzaza ndi malonda. Ma apu ambiri aulere a PDF amayamba atsitsa malonda asanakuonetseni tsamba. Pa Android yowerengera ya Google Drive imakwana, pa laputopu yakale ya Windows SumatraPDF ndi yopepuka kwambiri.
- Foda ikujama mukangodina fayilo musanaitsegule, zimitsani kawindo koonetsera kumbali ndi `Alt+P`.

## Zomwe simuyenera kuchepetsa

Kuchepetsa, kudula masamba ndi kupulinta ngati PDF zonsezi zimapanga fayilo yatsopano. Ngati yoyambayo inali ndi siginecha ya pa kompyuta, ija imaonetsa kamzere pamwamba mu Acrobat kuti fayilo yasainidwa, siginechayo imafa, chithunzi chake chitha kuonekabe koma kutsimikizika kwake kwapita. Sitetimenti ya banki yomwe mwatsitsa nokha itumizeni momwe ilili, ndi yopepuka kale, ndipo olandira ena amayang'ana ngati yasinthidwa. Chimodzimodzi fomu yoti mudzaze, mabokosi olembamo amatha kusanduka chithunzi chabe.

Za mawebusayiti aulere ochepetsa PDF, amagwira ntchito inde, sindikana. Koma fayiloyo imapita pa kompyuta ya eni webusayitiwo. Positala ya kwaya palibe vuto. Pasipoti, pemiti ndi sitetimenti ya banki pamodzi, ine sindingaike, ndi zokwanira kuti wina atsegule akaunti m'dzina lanu. Pa kafe naponso mukamaliza fufutani mu `Downloads` ndi mu `Recycle Bin` muli pomwepo, ndipo tulukani mu imelo ndi mu WhatsApp ya pa kompyutayo.

## Pomwe muyenera kusiya n'kupita kwa odziwa

- Mafayilo angapo pa laputopu kapena fulashi imodzi akuwonongeka motsatizana, kukopera kukuima, kapena laputopu ikulira tiki tiki mkati. Disiki ikufa. Zimitsani, musaikemo pulogalamu yokonzera, kulemba kulikonse pa disikiyo kukuchepetsa mwayi wopulumutsa zomwe zilimo.
- Mayina a mafayilo asintha okha, kumapeto kwabwera zilembo zachilendo, ndipo pali kalata yofuna ndalama. Imeneyo ndi vayirasi yokiya mafayilo. Chotsani makinawo pa intaneti, musalowetse fulashi ina iliyonse.
- Fayilo yachokera kwa munthu wosamudziwa, akuti ndi ntchito kapena katundu wanu wagwidwa pa boda, dzina likuthera ndi `.pdf.exe` kapena `.apk`, kapena ikukuuzani kuti muike pulogalamu ina kuti ioneke. Si PDF yochedwa imeneyo. Ngati munadina kale, foni kapena laputopuyo ikaonedwe, ndipo sinthani mapasiwedi a banki pogwiritsa makina ena.
- Mafayilo a pa fulashi asanduka timivi tolozera mutabwera ku kafe. Nthawi zambiri mafayilo enieniwo alipo, angobisidwa, ndiye musafomate.
- Ndi kontirakiti yosainidwa, pepala la khoti kapena la ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo kope lake ndi lomwelo. Musayese kuikonza, pemphani amene anaitulutsa akupatseni ina.
- Ndi pulani yopita ku khonsolo kapena ntchito yokapulintitsa yambiri. Wojambula kapena wopulinta ndiye achepetse, inu mukatero mutha kusokoneza sikelo kapena mitundu.

Popita kwa wokonza tengani fayilo yoyamba ija yosakhudzidwa, muwauze komwe inachokera, kukula kwake, tsamba lomwe imajamira ndi zomwe mwayesa kale, ndipo ngati muli mapepala anu a pasipoti khalani pomwepo akamaitsegula.